Momwe mungakonzere mawu a paukwati kuti amvekenso m'Chitaliyana

Tiyerekeze kuti mwana wa mchemwali wanu akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Bergamo, kumpoto kwa Italy, ndipo inu monga malume mwapemphedwa kuyankhulapo paphwando. Kuchikazi mwapita anthu ochepa, ena onse m'holomo ndi Ataliyana, ndipo agogo ake a mkamwini samva Chichewa kapena Chingerezi. Mawu anu ayenera kumveka mbali zonse ziwiri.

Choyamba, funsani akwatiwo kuti mudzayankhula nthawi yanji komanso kwa mphindi zingati. Phwando la ukwati ku Italy ndi la chakudya: amayamba ndi zakumwa ndi tizakudya totsegula kukamwa, kenako pasita kapena mpunga, kenako nyama kapena nsomba, keke n'kubwera kumapeto, ndipo zonsezi zimatenga maola ambiri. Mwambo wa zoyankhula zazitali ngati za kwathu kulibe. Kawirikawiri mboni za ukwati kapena anzawo a akwati amaimirira pakati pa chakudya, n'kunena mawu ochepa, anthu n'kukweza matambula. Mukapatsidwa mphindi 5, zanu zenizeni ndi ziwiri ndi theka, chifukwa chilichonse chidzanenedwa kawiri. Lembani mawu a Chichewa osapitirira 250. Musadabwe pepala la Chitaliyana likatalikirapo: mawu amodzi akuti "ndinamulera" kumeneko amakhala mawu awiri kapena atatu.

Chachiwiri, lembani m'tizigawo ta ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo muike nambala pa kachigawo kalikonse. Zigawo 6 n'zokwanira: moni ndi kudzidziwitsa, kankhani kamodzi ka mkwatibwi, tsiku limene munaonana koyamba ndi mkamwini, kuthokoza asewere, mafuno abwino, ndi kukweza matambula. Malonje otchula mfumu, abusa ndi mkulu aliyense payekha muwasiye. Akabwerezedwa m'chinenero chachiwiri amadya nthawi yonse. Malangizo a za kuchipinda ndi za kuphikira mwamuna nawonso asalowe. Amenewo ndi a ankhoswe kuseri, ndipo Ataliyana ali ndi mwambi wakuti "Tra moglie e marito non mettere il dito", kutanthauza kuti pakati pa mkazi ndi mwamuna wake usaikepo chala.

Chachitatu, pezani womasulira amene Chitaliyana n'chinenero chake chobadwira, kapena amene wakhala kumeneko zaka zambiri. Ngati samva Chichewa, khalani naye pansi mumufotokozere kachigawo kalikonse m'chinenero chimene nonse mumamva. Pamene zinthu zimasokonekera kwambiri ndi apa, chifukwa Chichewa sichinena zinthu zina zimene Chitaliyana sichingayende popanda kuzidziwa.

Womasulira ayenera kudziwa kuti woyankhula ndi mwamuna kapena mkazi. "Ndakondwa" ndi chimodzimodzi kwa tonse, koma mwamuna amati "sono contento" pomwe mkazi amati "sono contenta". Mukalakwitsa, holo yonse imva nthawi yomweyo. Ayeneranso kudziwa amene mukumuloza pa chiganizo chilichonse. "Inu" wathu amagwira ntchito ziwiri, ulemu ndi kuchuluka. Kumeneko zimasiyana: mkwatibwi kapena mkamwini payekha ndi "tu", munthu wamkulu mmodzi amene simunazolowerane naye, monga bambo ake a mkamwini, ndi "Lei", ndipo akwati awiriwo kapena gulu lonse ndi "voi". Choncho pambali pa chiganizo chilichonse lembani kuti "kwa mkwatibwi", "kwa asewere onse awiri", "kwa onse".

Ubale nawo mufotokoze bwinobwino. Mawu akuti "zio" amakwanira malume, bambo aang'ono, ngakhale mwamuna wa azakhali, kotero udindo wanu sumveka pokhapokha mutaunena. "Nipote" ndi mdzukulu komanso mwana wa mbale wako. Amayi aang'ono mukawasiya kuti "amayi", alendo adzaganiza kuti mkwatibwi ali ndi amayi awiri omubala. Asewere okha ndiwo ali ndi mawu ofanana ndendende, "consuoceri", ngakhale kumeneko amanena makolo enieni a akwatiwo basi.

Taonani kachigawo koyamba. M'Chichewa: "Moni nonse. Ine ndine malume ake a mkwatibwi. Kwathu malume ndi amene amaimira banja pa nkhani za ukwati." M'Chitaliyana: "Buonasera a tutti. Sono lo zio della sposa, il fratello di sua madre. Da noi è lo zio materno che rappresenta la famiglia quando ci si sposa." Mwaona kuti womasulira wawonjezera kuti ndinu mlongo wa mayi ake a mkwatibwi. Popanda zimenezo Ataliyana angadabwe kuti bwanji bambo ake a mwana akhala chete inu n'kumayankhula.

Mwambi ukhale umodzi. "Mutu umodzi susenza denga" uli ndi mnzake wodziwika, "L'unione fa la forza", wonena kuti umodzi ndi mphamvu. Ine ndingakonde kuti womasulira anene mwambi wathuwo monga uliri, mutu ndi denga, kenako awonjezere wawowo. Anthu amasangalala kumva chachilendo n'kuzindikira kuti nawonso ali nacho. Koma wina akakuuzani kuti muikemo "Moglie e buoi dei paesi tuoi", mukane. Umanena kuti mkazi ndi ng'ombe uzitenga za kwanu, ndipo paukwati uwu nthabwala imeneyo ingapweteke mkwatibwi.

Chachinayi, kumasulira kukatha, patsani pepalalo munthu wina wodziwa Chitaliyana amene sanaone la Chichewa, akuuzeni zimene wamva. Akalephera kunena kuti inu ndinu ndani kwa mkwatibwi, kapena kankhani koseketsa kaja akakafotokoza nkhope ili gwa, bwererani pa kachigawo kameneko. Mkamwini musamuonetse ngati mukufuna kuti adzamve koyamba patsikulo; mlongo wake kapena mnzake angathandize.

Chachisanu ndi kayankhulidwe. Njira imene imayenda bwino ndi yosinthana: inu kachigawo 1, womasulira kachigawo 1, mpaka kumapeto, aliyense ali ndi pepala la nambala zofanana. Mukanena zonse m'Chichewa kenako iye n'kuyamba zake, Ataliyana amakhala atayamba kale kucheza patebulo. Musawonjezere zimene sizili papepala, chifukwa mnzanuyo adzasowa pogwira. A kwanu akaseka kapena kululutira, dikirani phokoso lithe.

Moni ndi mawu otsiriza muwanene nokha m'Chitaliyana. Sizovuta kwa ife, chifukwa mavawelo amalembedwa asanu omwewo ndipo mawu ambiri amakwezedwa pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, monga m'Chichewa. Zosamala ndi izi: "ci" ndi "ce" amamveka "chi" ndi "che", pomwe "chi" ndi "che" amamveka "ki" ndi "ke", "gn" ndi "ny" wathu, "gli" amayandikira "lyi". L ndi r musazisakanize monga timachitira: "caro" ndi wokondedwa, "calo" ndi kutsika. Zilembo ziwiri zofanana zikatsatana muzizikoka. Pofunira akwati zaka 100 muli mawu akuti "anni", ndipo n mmodzi akasowa mwatchula malo obisika a thupi pamaso pa agogo. Pemphani womasulira akujambulireni mawuwo pa foni muziyeserera.

Potsiriza, tengani tambula, yang'anani akwatiwo, munene kuti "Alziamo i calici. Evviva gli sposi!", kutanthauza kuti tikweze matambula, akwati akhale ndi moyo. Ena kumeneko amati kukweza tambula ya madzi n'tsoka, choncho ngati simumwa mowa pemphani chakumwa chozizilitsa kukhosi musanaimirire. Anthu akayamba kukuwa kuti "Bacio! Bacio!", akufuna akwatiwo apsompsonane, ndipo inu mutha kubweza maikolofoni n'kukhala pansi.