Akati "tatiuzeni za inuyo" pa intavyu, musayambire komwe munabadwira

Nyengo ino ya zokolola makopaletivi ndi mabungwe ambiri akulemba makalaliki ogula mbeu komanso alangizi a m'midzi, ndipo chomwe ndachiona pa ma intavyu omwe ndaitanidwa kukakhala nawo pa panelo chandiwawa kwambiri. Achinyamata anzeru zawo, mapepala ali bwinobwino, ena a dipuloma ya ku NRC ena mpaka digiri ya ku Bunda, akugwa pa funso loyambirira lenilenilo, lija amati tatiuzeni za inuyo. Kaya lafunsidwa m'Chizungu kaya m'Chichewa, kagwedwe kake nkamodzimodzi.

Munthu amayamba dzina, kenako mudzi, mfumu yaikulu, boma, kuti ndi wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, mpingo womwe amapemphera, sukulu ya pulayimale yomwe anayambira sitandade 1, kuti anasamuka ali sitandade 5 chifukwa bambo anawasamutsa kuntchito, sekondale, mapointi a fomu 4, ndipo pofika pa koleji mamineti anayi atha, wapampando wayamba kale kusuzumira pa wotchi. Zomwe wagwirapo ndi manja ake amazinena mothamanga m'mau awiri, "ndinapanganso atachimenti ku Mchinji", basi. Chifukwa chomwe akuifunira ntchitoyo sachitchula nkomwe, kapena akachitchula ndiye chija cha masiku onse, ndikufuna ndizithandiza makolo ndi azing'ono anga, moyo wavuta.

Abale anga, kudzifotokoza kotereku nkwa pamaliro kapena pa chinkhoswe, pomwe anthu akufuna adziwe kuti ndinu mwana wa yani. Kafotokozedwe kameneka tinakazolowera kuyambira kusukulu pomwe aphunzitsi ankatilembetsa chimangirizo cha mbiri yanga, ndiye mpaka lero tikungokanyamula kupita nako paliponse. Ine ndatopa nako. A panelo ali ndi siivi yanu patsogolo pawo, anaiwerenga, ndi chifukwa chake anakuitanani. Kuwabwerezera tsiku lobadwa ndi mayina a sukulu ndi kuwawerengera mokweza pepala lomwe lili m'manja mwawo.

Mwina simudziwa zomwe zimatayika pamenepa. Ma intavyu ambiri a ntchito zoterezi munthu mmodzi amapatsidwa mamineti 15 kapena 20, panja pali mzere wa anzanu, ndipo aliyense wa pa panelo ali ndi funso lake ndi pepala lolembapo malikisi. Mukadya mamineti asanu pa funso loyamba, mafunso a ntchito yeniyeni omwe ali ndi malikisi ambiri mudzawayankha mothamangitsidwa. Koma choopsa kuposa apo nchakuti yankho loyambali ndi lomwe limauza a panelo poti akufunseni. Mukatchula kuti munayang'anirapo minda yachitsanzo ya soya, wina adzakufunsani za soya, ndipo mwaikokera nkhani kumunda kwanu komwe mukukudziwa. Mukangotchula mudzi ndi mpingo alibe pogwira, ndiye amangotola funso lililonse pa pepala, ndipo kawirikawiri limakhala lomwe simunalikonzekere. Nde taganizani munthu wakwera minibasi kuchokera ku Nsanje kapena ku Karonga, wagona kwa achibale, ndalama ya thiransipoti ndi mafotokope ndi yakatapira mwinanso kunyumba anagulitsa mbuzi, zonsezo nkuthera pa kutiuza kuti anali wachitatu kubadwa.

Za kudandaula umphawi ndinenepo pang'ono chifukwa ndikudziwa kuti ndi zoona, si bodza ai, ntchito ikusowa ndipo aliyense amene wakhala pa benchi panjapo ali ndi azing'ono ake ofuna fizi. Nchifukwa chake sichingakusiyanitseni ndi mnzanu. Mukanena kuti mukufuna ntchito chifukwa cha mavuto mwatiuza chifukwa chomwe mukufunira malipiro, simunatiuze chifukwa chomwe mukufunira ntchito iyiyi, ya kuno, yoyenda pa njinga m'matope mwezi wa Januwale. Ndipo amene akulemba ntchito akamva zimenezo mumtima amati uyu akangopeza pena polipira bwino mawa lomwe athawa.

Pa panelo ina tinali ndi bambo wina wachikulire, mlimi wa mtedza amene ali mu komiti ya kopaletivi, sukulu sanapite nayo patali koma anthu amawadziwa kuwawerenga. Pa nthawi yopuma anatisimbira za anyamata awiri omwe anabwera kwawo chaka china kudzafuna ganyu yopanga mizere. Woyamba anafika ndi nkhani ya njala, kuti kwawo agona osadya, mayi akudwala. Wachiwiri anangoti ndinapanga mizere kwa a ujeni kuseri kwa dambo, pitani mukaone ngati yapindika. Bambowo akuti woyamba uja ndinampatsa nsima nadya, wachiwiriyo ndinampatsa khasu. Tonse tinaseka, koma iwo anati dikirani sindinamalize. Mnyamata wa khasu uja anagwiradi bwino, koma itakwana nthawi yopalira anangosowa, kunali kupita ku esiteti ya fodya ku Kasungu, munda nkutsala m'tchire. Akuti kuyambira pamenepo ndimafunsa zonse ziwiri, unagwirapo kuti, komanso wabwereranji kwa ine osati kwa wina. Atatero anabwerera ku nkhani ya mitengo ya mtedza yomwe inawatengera nthawi yonse ya tiyi.

Ndiye pali gulu lina, lochepa koma likukula, lomwe lamva kuti mbiri yakumudzi siyofunika ndipo lapita mbali inayo. Awa amangoti ine ndimakonda kwambiri ulimi, ndine wolimbikira, ndimagwira bwino ndi anzanga, ndili ndi mtima wofuna kutukula alimi, mau oloweza omwe wina anawatumizira pa foni. Ukafunsa kuti chabwino, munachitapo chiyani, zii. Chikondi chopanda umboni a panelo sachilembera malikisi, ngakhale mutachinena m'Chizungu chosalala bwanji.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tione mmene zimayenera kukhalira. Tinene kuti kopaletivi ya soya ndi mtedza ku Mchinji ikufuna mlangizi, ndipo pa chidziwitso cha ntchito alemba kuti akufuna munthu wodziwa kuphunzitsa magulu a alimi komanso kuonetsetsa kuti mbeu yogulitsa ndi yabwino. Mtsikana wa dipuloma ya zaulimi, sanalembedwepo ntchito yokhazikika, anangopanga atachimenti pa ofesi ya zaulimi ya m'dera komanso anagwirapo ukalaliki wa pa sikelo nyengo imodzi. Iyeyu amadziona ngati alibe chonena, pomwe ali nazo zokwanira. Atha kuyankha chonchi:

"Zikomo mabwana. Ndine wa dipuloma ya zaulimi, ndipo ntchito yomwe ndaigwira kwambiri ndi ya mbeu za mtundu wa nyemba. Pa atachimenti ndinkayenda ndi alangizi m'magulu a alimi, ndipo ine anandipatsa minda yachitsanzo ya soya, komwe tinkaonetsa kubzala mizere iwiri pa mzere umodzi komanso kusakaniza mbeu ndi inokulanti tsiku lobzala lomwelo. Chaka chatha ndinali kalaliki wa pa sikelo pa msika wa mtedza. Kumeneko ndinaona matumba ambiri akubwezedwa chifukwa cha chuku, ena chifukwa alimi anawaza madzi kuti mtedza usavute kusenda, ena chifukwa anauyanika pa dothi. Zinkandipweteka chifukwa pa sikelo nthawi imakhala itatha kale, mlimi waluza. Ndi chifukwa chake ndikufuna ntchito iyi, ndikufuna ndikumane ndi mlimiyo mtedza usanazulidwe, ndipo ndaona kuti kopaletivi yanu imagulitsa pamodzi, kotero thumba limodzi loipa limaononga mbiri ya onse."

Werengani mokweza muone, sizikwana ngakhale mamineti awiri. Sukulu yatenga chiganizo chimodzi. Mbiri ya ntchito yatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu, koma sananene zonse zomwe anachitapo pa moyo wake, wasankha ziwiri zokha zomwe zikugwirizana ndi zomwe alemba pa chidziwitso chija. Gawo lotsalalo ndi chifukwa, ndipo taonani kuti chifukwacho sichinagwe kumwamba, chatuluka mu zomwe anaona pa sikelo. Apa ndi pomwe ambiri amalephera, amanena mbiri payokha, chifukwa payokha, ngati ndi anthu awiri osiyana. Komanso wawasiyira a panelo pogwira, wina afunsa za inokulanti, wina afunsa mmene angayanikire mtedza kuti usachite chuku, ndipo zonsezo akuzidziwa. Koma chenjerani, chilichonse mwatchula chidzakubwererani ngati funso, musatchule mtunda wa mizere ngati simukukumbuka kuti ndi masentimita 75.

Amene mwagwira ntchito zaka zambiri vuto lanu ndi lina, mumafuna kutchula malo onse omwe munadutsamo kuyambira 2010. Yambani ndi komwe muli pano kapena komwe mwachoka posachedwa, bwererani m'mbuyo kamodzi kokha ngati kuli chogwirizana ndi ntchitoyi, ndipo chifukwa chanu chiyankhe funso lomwe a panelo ali nalo mumtima, loti nanga mukuchokeranji kumeneko. Osanyoza abwana akale, ngakhale anali ovuta chotani.

Za kuvala ndi kufika nthawi yabwino sindinenapo, mukuzidziwa. Chomwe muchite usiku woti mawa intavyu ndi ichi, tengani chidziwitso cha ntchito chija mudule mzere pansi pa zinthu ziwiri zomwe akuzifuna kwambiri, pa chilichonse pezani chomwe munachitapo chokhala ndi malo ndi chomwe chinatulukapo, ngakhale kunali kongodzipereka kutchalitchi kapena kusunga mabuku a banki m'khonde. Kenako lembani chiganizo chimodzi chonena chomwe chakukokerani kwa iwowa. Musaloweze mau ndi mau chifukwa mukaiwala limodzi mumaima ngati galimoto yatha mafuta, ingosungani mitu itatuyo. Dzijambuleni mau pa foni, zikapitirira mamineti awiri dulani ku mbiri, osati ku chifukwa. Konzekerani m'zilankhulo zonse ziwiri poti pa panelo ya kopaletivi pamakhala alimi ndipo atha kukuuzani kuti tabwerezani m'Chichewa. Mudzi ndi mfumu akazifuna afunsa okha, ena amafunsadi pofuna kudziwa ngati mungakhale kuderako.