Musanadinde chilembo cha Chitchaina pakhungu, chiwerengeni pamodzi ndi chinzake

Mawu ambiri a Chitchaina amapangidwa ndi zilembo ziwiri, ndipo zikakhala moyandikana, wowerenga saziona paderapadera. Apa ndi pomwe ambiri odinditsa tatuu amagwera m'mbuna.

Tiyerekeze kuti mukufuna padzanja palembedwe kuti mtima wopirira. M'dikishonale mupeza 忍, kupirira, ndi 心, mtima. Chilembo 忍 chili ndi timizere 7: m'mwamba muli 刃, kunsonga kwakuthwa kwa mpeni, m'munsi muli mtima. Pachokha n'chabwino ndithu. Koma mukachigundanitsa ndi 心, mwalemba 忍心, ndipo Mtchaina awerenga kuti kuuma mtima, kulimba m'nda mpaka kuchitira mnzako zoipa osamva chisoni. Chilembo chomwechi chilinso m'mawu oti 残忍, nkhanza. Chimene mumafuna chili m'mawu awiri ena: 忍耐, kupirira pamavuto, kapena 耐心, kuleza mtima.

Mtima womwewu umasintha nkhope malinga ndi mnzake. Mukaika duwa kutsogolo, 花心 si mtima wokongola ayi, koma munthu wachimasomaso. Nacho 小心, chomwe zilembo zake ndi kuchepa ndi mtima, chimatanthauza kuti samalani, ndipo chimalembedwa pa zikwangwani zochenjeza za pansi poterera.

Funsaninso kuti adzawerenge ndani. Ku Japani amagwiritsa ntchito zilembo zomwezi: 大丈夫 kumeneko ndi kunena kuti zili bwino, pomwe ku Tchaina ndi mwamuna weniweni. Kalembedwe nakonso kali pawiri. Chikondi ndi 愛 ku Taiwani ndi ku Hong'i Kong'i, timizere 13, mtima uli pakati. M'kalembedwe kofupikitsa ka ku Tchaina ndi 爱, timizere 10, mtima mulibe. Sankhani kalembedwe kamodzi, osasakaniza m'tatuu imodzi.

Mukasankha, onetsani anthu awiri amene anakula akuwerenga Chitchaina, aliyense payekha. Musawauze zomwe mukufuna kunena. Afunseni kuti palembedwa chiyani ndiponso kuti mawuwo amawaona kuti kawirikawiri. Akayamba ndi kaphwete kapena mayankho awo akasiyana, lekani kaye.

Chotsala ndi dzanja la wodinda. Sindikizani chilembocho chachikulu bwino, muwerenge timizere take, ndipo muwerengenso chikamatidwa pakhungu singano isanayambe. Kadontho kamodzi n'kokwana kuwononga: 大 ndi chachikulu, koma kadontho kakagwera kumtunda chakumanja, 犬 ndi galu. Pepala lodindira likatembenuzika, chilembo chimatuluka chotembenuka, kumanja kuli kumanzere, ndipo pagalasi mungachione ngati chili bwino pomwe chalakwika. Mnzanu ajambule ndi kamera ya kumbuyo kwa foni, mufananize chithunzicho ndi pepala lomwe munasindikiza.