Malangizo osinthira mabelingi a wilo lakutsogolo

M'paketi muno muli belingi yaikulu yamkati, belingi yaing'ono yakunja, mphete zake ziwiri zoyendapo marola, sili yochinga girisi ndi pini yokhomera nati. Awa ndi mabelingi a marola opendekeka, omwe amapakidwa girisi ndi manja ndipo amamangidwa ndi nati yoyezera. Amapezeka ku mawilo akutsogolo a mavaneti ndi timalole tambiri toyendera mawilo akumbuyo. Musanamasule kanthu, yerekezani manambala olembedwa pa belingi yatsopano ndi amene ali m'buku la motoka yanu.

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi belingi

Belingi yotha imalira ngati njuci zili mumng'oma. Kulirako kumatsatira liwiro la motoka, sikutsatira injini: mukaponda kilachi kapena kucotsa giya motoka ikuyendabe, injini imatsika mau koma phokoso la ku wilo limakhalabe. Matayala odyeka mabampumabampu amaliranso cimodzimodzi, ndipo ambiri agulapo mabelingi pacabe cifukwa ca zimenezi. Phokoso la tayala limasintha mukacoka pa tala wosalala kulowa pa tala wokhakhala, ndipo mukasinthanitsa matayala limasamuka nawo. La belingi silisamuka, koma limasintha mukakhota.

Tinene kuti vaneti yanu ikucoka ku Lusaka kupita ku Chipata, ndipo liwiro likafika ca m'ma 60 mukumva kung'ung'udza kutsogolo. Pa mseu wowongoka pamene palibe motoka zina, gwedezani siteringi pang'onopang'ono uku ndi uku. Mukakhotera kumanja, kulemera kwa motoka kumatsamira mawilo akumanzere. Ngati phokoso lakula pamenepo n'kucepa mukakhotera kumanzere, kawirikawiri yatha ndi belingi yakumanzere. Kuno kwathu mbali imeneyi imazunzika ndithu, popeza ndiyo imagwera m'mphepete mwa tala modyeka ndi m'zithaphwi nthawi ya mvula. Komabe ciyeso cimeneci nthawi zina cimanamiza, conco musagule kanthu musanakweze wilo.

Kwezani motoka ndi jeke, muikhazike pa masitandi. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, mulikankhe ndi dzanja lina mukukoka ndi linzake. Likamagwedera n'kumveka kho kho, mnzanu aponde buleki mwamphamvu, inu mugwedezenso. Kugwedera kukatha, vuto lili m'belingi, cifukwa buleki yagwirizira habu, citsulo cimene wilo limamangidwapo. Kukapitirira, yang'anani bolojointi kapena mabushu. Kugwedera komwe kumabwera mukagwira tayala m'mbali mokha kumakhala kwa tairodi nthawi zambiri. Kenako zungulitsani wilo ndi dzanja mukumvetsera: lizungulire mwacete, popanda kukhakhala kapena kukodwakodwa. Habu yotentha kwambiri kuposa ya mbali inayo pambuyo pa ulendo ndi cizindikiro cina, ngakhale buleki yokanirira imatenthetsanso cimodzimodzi.

Cenjezo: wilo likamagwedera moonekera ndi maso, likamalira ngati citsulo cikupala cinzake, kapena buleki ikayamba kugwirira pansi mpaka mupope kawiri, imitsani motoka. Belingi yofika pamenepa ikhoza kugwira mwadzidzidzi kapena kudula sipindulo, citsulo cimene habu imazungulirapo, wilo n'kuthothoka.

Kumasula

Ikani miyala kapena mitengo ku mawilo akumbuyo, ndipo musagwire nchito pa motoka yodalira jeke yokha. Cotsani wilo, masulani kalipa ya buleki n'kuimangirira ku sipuling'i ndi waya kuti isalendewere pa paipi yake. Tomolani kapu ya pakati pa habu, wongolani pini yakale muitaye, masulani nati, mutulutse washa ndi belingi yakunja, kenako kokani habu. Sili yakale muizule kumbuyo, belingi yamkati ituluka.

Tsukani zonse ndi palafini, muumitse, muone cimene capha belingi yakale. Girisi wotuwa ndi dzimbiri pa marola zikusonyeza kuti madzi analowa, kaya pa sili yong'ambika kapena poolotsa motoka pamadzi habu ikali yotentha. Citsulo cosanduka cabuluu cinapsa cifukwa comangitsa nati kapena kusowa girisi. Timaenje ndi kusupuka pa mphete ndi kutha kwa ukalamba kapena katundu wopyola muyeso. Pa sipindulo, pamene pamakhala belingi ndi sili payenera kukhala posalala. Pakakumbika mzere womveka ndi cikhadabo, belingi yatsopano siikhalitsa.

Mphete zakale zicoke. Amakanika ena amazisiya poti zikuoneka bwino, koma marola atsopano akayenda pa mphete yodyeka amayamba kulira msanga. Mkati mwa habu mumakhala timipata tomenyerapo: menyani ndi cokhomera uku ndi uku mosinthanasinthana kuti mphete ituluke yowongoka. Yatsopano ilowe mbali yokhuthala ili mkati, kukamwa kwake kotakata kukuyang'ana kunja. Ikankheni ndi pulesa kapena ndi cida cokwana m'mphepete mwake, osamenya poyenda marola, mpaka kulira kwa hamala kusinthe, kusonyeza kuti yakhala pansi mbali zonse.

Girisi ndi kumanga

Gwiritsani nchito girisi wa mabelingi a mawilo wopirira kutentha, wolembedwa NLGI 2, ndipo musasakanize mitundu iwiri. Kungopaka pamwamba sikukwana. Ikani girisi m'cikhato, kanikizani mbali yotakata ya belingi pa girisiyo mobwerezabwereza mpaka atulukire mbali inayo pakati pa marola, mukuzunguliza mpaka belingi yonse idzaze. Pakani wina pa mphete ndi m'kati mwa habu, koma musadzaze habu thothotho, cifukwa girisi woculuka amatenthetsa n'kukankha sili. Lowetsani belingi yamkati, kenako sili, mlomo wake ukuyang'ana ku girisi. Bwezerani habu mosamala kuti mazinga a sipindulo asaceke sili, muike belingi yakunja, washa ndi nati.

Nati imeneyi siimangidwa ngati nati ya wilo, ndipo apa ndi pamene mabelingi ambiri atsopano amaonongekera. Mangani ndi sipana ya toki mukuzungulitsa habu, kufika pa muyeso wa m'buku la motoka, womwe pa motoka zing'onozing'ono zambiri umakhala pakati pa 20 ndi 35 N·m. Kumanga koyambaku n'kongokhazika marola m'malo mwake. Masulani mpaka nati izitembenuka ndi zala, osagwedeza habu, kenako mangani mopepuka. Motoka zambiri zimafuna kampata ka pakati pa 0.025 ndi 0.13 mm, kocepa moti dzanja limakamva movutikira. Zina zimafuna kuti habu ikhale yolimbirako pang'ono, ndipo zimayezedwa ndi sikelo ya sipuling'i. Tsatirani zimene buku lanu lanena. Ngati boo la pini silikukumana ndi mpata wa nati, sinthani kakhazikidwe ka kapu ya timipata yokhala pamwamba pa nati ngati ilipo, kapena bwezani nati pang'ono kufika pa mpata wapafupi, osaonjezera kumanga. Lowetsani pini yatsopano, pindani miyendo yake, bwezerani kapu ya pakati pa habu. Msomali usalowe m'malo mwa pini.

Malangizowa sagwira nchito pa mabelingi otsekedwa a motoka zoyendera mawilo akutsogolo. Amenewo sapakidwa girisi, sayezedwa, nati yake imamangidwa mwamphamvu kwambiri, ndipo ena ali ndi mbali ya maginito imene iyenera kuyang'ana sensa, apo ayi nyale ya ABS imayaka.

Mukabwezera kalipa ndi wilo, pondani buleki kangapo mpaka ilimbe motoka isanayende. Yendani makilomita ocepa pang'onopang'ono, imani, muyandikize dzanja pa mahabu onse awiri. Kufunda pang'ono kulibe vuto, koma habu yotentha kuposa inzake imasulidwe n'kuyezedwanso tsiku lomwelo.