Nyama yaiwisi pamwamba, chakudya cha ana pansi: tisiye zimenezi

Chaka chino alimi ambiri a ku Angoniya ndi ku Tsangano atagulitsa mbatatesi ndi soya athamangira kugula firiji, imene ena timaitchula jelera. M'nyumba zimene ndalowa kuyambira Okutobala, kuchokera ku Ulongwe mpaka ku Domwe, ndikatsegula chitseko chake ndikupeza chinthu chimodzimodzi. Nyama yaiwisi ili m'jumbo pa shelefu ya pamwamba, ndipo pansi pake pali mbale ya ndiwo zotsala, tomato wodula kale ndi phala la mwana, zonse zosavundikira.

Mukafunsa, amati pamwamba ndi pomwe pali pafupi ndi ayisi. Komatu jumbo ya kumsika si chotengera. Imabooka ndi fupa, imadontha pa mfundo, ndipo nyama yochoka mu ayisi ikayamba kusungunuka imatulutsa madzi ofiira ambiri kuposa mmene mumaganizira. Mafiriji ambiri otsika mtengo ali ndi mashelefu a waya, ndiye dontho limayenda ulendo wonse mpaka pansi, n'kugwera chilichonse chimene lapeza.

Kuzizira sikupha tizilombo, kumangotichedwetsa kuswana. Nyama ija mudzaiphika, tizilombo take tidzafera pamoto. Nanga saladi, mango osenda ndi chambiko ndani amaziphika? Madzi a nkhuku ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa nthawi zambiri amakhala ndi tizilombo ta salimonela ndi kampilobakita. Dontho lochepa silinunkha ndipo m'msuzi wa nyemba silioneka. Kutsegula m'mimba nakonso kumatha kuyamba patapita maola angapo kapena masiku awiri mpaka asanu, anthu ataiwala kale zimene anadya, ndiye amanamizira chitsime kapena mango oyamba.

Bambo wina wa kufupi ndi Ulongwe anandiitana kuti ndikaone mbewu yake ya mbatatesi, koma tinathera pa firiji. Anali atapha mbuzi pa mwambo wa pabanja. Mwendo wonse anauika m'beseni losavundikira pamwamba, chiwindi ndi matumbo m'jumbo pambali pake. Pansi panali mabotolo a thobwa ndi maheu amene mayi a m'nyumbamo amagulitsa, ena otseka ndi kapulasitiki chabe. Kuti zonse zikwane, anakankhira mapoto mpaka kugunda khoma la kumbuyo, ndipo mayi anali atayala nsalu ya pulasitiki pa shelefu iliyonse kuti pazioneka bwino.

“A alangizi, firiji iyi anandigulitsa yakufa. Ikulira usiku wonse koma thobwa likusasa,” anatero.

Sinali yakufa. Mphepo yozizira imatsika kuchokera pamwamba, yofunda n'kukwera, ndipo imadutsa m'mipata ya waya ndi kumbuyo kwa mashelefu. Mukayala nsalu n'kupanikiza mapoto mwatseka njira yake. Zimene zagunda khoma la kumbuyo zimaundana, za pakati ndi za kuchitseko zimakhala zofunda, injini siipuma, ndipo mayunitsi a magetsi amatha msanga. Pakhomo paja ana awiri anadwala m'mimba sabata imeneyo, mayi anataya thobwa lonse, ndipo bambo anasiya aganyu okha kumunda masiku atatu pa nthawi yokonza mizere. Atandiona ndikuchotsa nsalu zija, mayi anadandaula kuti anazigula modula. Koma firiji si kabati ya pabalaza yoti alendo azisirira!

Chimandivuta n'chakuti anthu omwewa kukhitchini sangaike nkhuku yosaphika pamwamba pa nsima. Chitseko choyera chikangotsekedwa, nzeru zija zimatsala panja.

Zochita zake n'zachidule. Nyama, nkhuku ndi nsomba zaiwisi muziike m'chotengera chakuya chokhala ndi chivundikiro, pa shelefu yotsiriza, ija ili pamwamba pa dirowa ya masamba, ndipo onetsetsani kuti galasi lake si losweka. Yosungunula muiikenso pomwepo. Zophika kale ndi zodyedwa zosaphika zikhale pamwamba, zovundikira. Mkaka usakhale pachitseko, ndi pofunda kuposa pena paliponse. Siyani mpata wa zala ziwiri kumbuyo ndi pakati pa zotengera. M'kati muzikhala madigiri 5 kapena kutsika pang'ono. Nkhuku, nsomba, chiwindi ndi matumbo zisapitirire masiku awiri. Zimene simudya msanga ziduleni m'magawo a mphika umodzi, zipite mu ayisi, zikachuluka yanikani kapena gawirani abale. Magetsi akathima musamatsegule, firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Pamene padonthera madzi a nyama tsukani ndi sopo ndi madzi otentha, ndipo chakudya chimene chadontheredwa, ngati sichibwereranso pamoto mpaka kuwira, chitayeni.