Impidansi ya sekondale ikaoneka ku pulayimale

"Akulu, ndili pa Kasungu boma, thiransifoma yanga koyilo ya pulayimale ili ndi mizungulo 1000, sekondale 100, ndalumikiza lodi ya 8 Ω, nde magetsi a 230 V akuona ma omu angati?"

Aise yambani kugawa mizungulo, 1000 ÷ 100 = 10. Kenako 10 ameneyo mumuchulukitse ndi iye mwini, apa mpomwe ambiri amagwa, chifukwa voteji imatsika ka 10 pomwe karenti ikukwera ka 10, nde impidansi imasintha ka 100.

```
Z1 = (N1/N2)² × Z2 = 100 × 8 = 800 Ω
```

Potsimikiza, 230 ÷ 800 ndi 0.29 A, ku sekondale kuli 23 V nde 23 ÷ 8 ndi 2.9 A, mbali zonse mawati ngati 66.

Koma masamuwa ndi a thiransifoma yongoganizira, yoti maginito onse a koyilo yoyamba akudutsa mu inzakeyo, k = 1. Yeniyeni imakokabe karenti pang'ono olo lodi mwachotsa. Musavutikenso kusaka 800 ameneyo ndi malitimita, iyo imangowerenga waya wa koyiloyo basi.