Momwe mungakanire ngongole kwa kasitomala watsopano koma iye n'kudzabweranso

Ambiri amene timagulitsa mpunga wa Kilombero, usipa ndi nyemba kuno ku Joni timaudziwa uthenga uwu. Umafika pa WhatsApp chakumadzulo, kuchokera pa nambala yachilendo: "Amayi, nambala yanu andipatsa akutchalitchi. Mundipatseko mpunga makilogalamu 10 ndi usipa, ndidzapereka pakutha pa mwezi." Tinene kuti zonse ndi za R600. Munthuyo simunamuonepo, ndipo kuno si kumudzi kumene mungakadandaule kwa amfumu. Lero ali ku Mayfair, mwezi wamawa wasamukira ku Tembisa, nambala wasintha. Kukana kuli bwino, koma kakanidwe kake ndi kamene kamachititsa kuti munthu adzabwerenso kapena ayi.

Choyamba, yankhani tsiku lomwelo. Kuwerenga uthenga n'kukhala chete kumapweteka kuposa mawu oti ayi, chifukwa mnzanu waona kuti mwawerenga. Yambani ndi moni ndi kuthokoza, ndipo mutchule kumene wadzera, kuti adziwe kuti simukumuona ngati wakuba.

Kenako kanani kamodzi, momveka. Apa ndi pamene ambiri timaphonya. Tinaleredwa ndi mawu akuti kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye timayankha kuti "tiona" kapena "ndikuuzani mawa". Munthu amene ali ndi njala amamva kuti mwavomera. Loweruka amakwera takisi, wawononga ndalama yake yomaliza, wafika pakhomo panu ndi thumba, ndipo mukamukanira pamaso ubale umathera pomwepo. Bodza lakuti katundu watha nalonso silikhalitsa. Madzulo omwewo mudzaika chithunzi cha matumba a mpunga pa WhatsApp, iye n'kuona.

Chifukwa chimene mukupereka chikhale cha katundu, osati cha munthu. Mukalemba kuti "sindikukudziwani" kapena "anthu a kuno salipira", mwamuweruza asanalakwe. Nenani zoona za bizinesi yanu: mpunga mumaulipira usananyamuke ku Malawi, amathiransipota nawo safuna mawu, amafuna ndalama. Chiganizo chimodzi chakwana. Mukachulutsa zifukwa, mukumupatsa poyambira kukambirana, ndipo adzayankha chimodzichimodzi mpaka mutopa.

Tsopano mupatseni njira yoti agule lero. Uthenga wonse ungakhale wotere:

"Mwaswera bwanji achimwene? Zikomo kwambiri poganiza zogula kwa ine, ndipo muwathokoze amene anakupatsani nambala. Pepani, pa ngongole sinditha kupereka, chifukwa katunduyu ndimalipiriratu asanachoke kumudzi. Ngati muli ndi R150 lero, ndikupimirani makilogalamu awiri ndi usipa pang'ono kuti mufike nazo kumapeto a mwezi. Kapena mupereke R200, ndikusungirani makilogalamu 10 aja pa mtengo womwewu mpaka pa 30, mudzatenge mukamaliza kulipira. Mundiuze chimene chikukuyenerani."

Onani kuti "pepani" walembedwa kamodzi kokha. Mukapepesa katatu, zimamveka ngati mwatsala pang'ono kugonja. Onaninso kuti uthengawo ukuthera pa funso la malonda, ndiye iye ali ndi choyankha popanda manyazi.

Njira yachiwiriyo ndi leyibayi, yomwe aliyense wokhala mu South Africa amaidziwa kumasitolo a zovala. Ubwino wake ndi woti katundu amakhala m'manja mwanu. Koma dziwani kuti pa lamulo loteteza ogula la 2008, ndalama ya leyibayi imakhalabe ya wogula mpaka mutamupatsa katundu. Choncho ilembeni m'kope, tsiku ndi kuchuluka kwake, mumutumizire chithunzi, ndipo musaidyere podziuza kuti ndi phindu. Akalipira kudzera ku banki kapena pa PayShap, yang'anani mu akaunti yanu kuti yalowadi. Chithunzi cha lisiti chimene wakutumizirani si ndalama.

Nanga za m'tsogolo? Ngati mumakongoza makasitomala akale, muuzeni malire ake enieni: "Amene agula kwa ine miyezi itatu ndi ndalama pamanja ndimatha kuwakongoza mpaka R300." Ngati simukongoza aliyense, musalonjeze kuti "ulendo wina ndidzakuthandizani", chifukwa adzasunga uthengawo n'kudzakutumizirani mwezi wamawa.

Ena amakakamira: "Mayi, tonse ndife a kwathu, ku Mangochi." Mawu amenewa amandigwira mtima nthawi zonse, chifukwa ndikudziwa mmene sabata yachitatu ya mwezi imawawira kwa munthu wogwira ntchito ya m'nyumba kapena ya m'galadeni. Musayambe chifukwa chatsopano. Bwerezani mofatsa: "Ndikumva achimwene, koma pa ngongole sinditha. Za R150 zija zilipo mukafuna." Akakhala chete, musiyeni. Pa 28 kapena 29, malipiro atayandikira, mutumizireni uthenga waufupi ngati kasitomala wina aliyense, woti mpunga watsopano wafika ndi mtengo wake, osatchulanso za ngongole ija.