Momwe mungalembere kalipoti kolangiza mabwana pa nkhani ya aphunzitsi ounjikana mtauni

Ngati mwatumidwa kulemba kalipoti kachidule kopita kwa mabwana a zamaphunziro, musayambe ndi avereji ya boma lonse chonde, chifukwa ndi imene imabisa vutoli.

Poyamba pezani manambala a sukulu iliyonse payokha, ana olembedwa mu rejisitala ndi aphunzitsi amene akulowadi mkalasi. Ndikuti akulowadi chifukwa pa peyirolo munthu amaoneka kuti ali pasukulu yakumudzi koma ukafika umva zoti anatenga thiransifa kalekale kutsatira banja, wina anapita kukapitiriza maphunziro, wina akudwala teremu yonse. Funsani ahedi, muonenso buku losainira m'mawa. Likasiyana ndi la ku ofesi, khulupirirani buku losainiralo.

Kenako gawani ana ndi aphunzitsi. Tiyerekeze mulingo wa unduna ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Sukulu ya mtauni ili ndi ana 1,200 ndi aphunzitsi 30, ndiye kuti ana 40 pa mphunzitsi. Yakumudzi ili ndi ana 900, aphunzitsi 6 basi, ana 150 pa munthu mmodzi. Mukaphatikiza ziwirizi avereji ikubwera 58, bwana ataona anena kuti zonse zili bwino, pamene uko mwana wa sitandade 1 akutha chaka kope lake osachongedwa. Tsono werengerani chonchi: ya mtauni ikufunika aphunzitsi 20, otsala ndi 10, yakumudzi ikufunika 15, ikuperewera 9. Apa mwaonetsa kuti kusamutsa anthu 9 kukutha vuto osalemba ntchito wina watsopano, ndipo chiganizo chimenechi chikhale pamwamba penipeni pa peji yoyamba, mabwana sawerenga mpaka kumapeto.

Pomwe ambiri timalakwitsa ndi mawu oti kumudzi. Sukulu ya pa tiredingi senta yokhala ndi magetsi, tala ikudutsa pakhomo, nayonso pa pepala ndi yakumudzi, ndiye alawansi ya aphunzitsi akumudzi ikakhala yofanana aliyense amathamangira pamenepo, ija yowolokera mtsinje nthawi ya dzinja nkukhalabe mbee. Ikani sukulu m'magulu potengera makilomita kukafika pa tala, mtunda wa kuchipatala, netiweki komanso nyumba za aphunzitsi zomwe zilipo. Zanyumbazi musaziphonye, ine zimandiwawa kuona mphunzitsi wachitsikana atumizidwa kopanda pogona kenako nkumamunena kuti wathawa ntchito.

Pomaliza pemphani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, chilichonse chikhale ndi wochita wake komanso tsiku. Mwachitsanzo aphunzitsi atsopano onse ayambire sukulu zopitirira ana 100 pa mphunzitsi, thiransifa yochoka kumeneko isasainidwe wolowa m'malo asanafike, ndipo amene wapita auzidwiretu zaka zomwe akakhale. Lembaninso ndalama za thiransipoti yosamutsira katundu. Zonse zikwane mapeji awiri, tebulo la masukulu mulimate kumbuyo kuyambira yovutikitsitsa.